Maulendo 32,554 pa Milatho 7: Kuwerengera Maulendo ndi Matirikisi

Mzinda wa Kaliningrad ku Russia kale unkatchedwa Königsberg, ndipo pakati pake pamadutsa mtsinje wa Pregel. Mtsinjewo unagawa mzindawu m'zigawo zinayi: chilumba cha Kneiphof chapakati, mtunda wa kumpoto, mtunda wa kummwera, ndi chigawo cha kuvuma chomwe chili pakati pa nthambi ziwiri za mtsinje. M'zaka za m'ma 1700 zigawozi zinali zolumikizana ndi milatho 7. Kuchokera pachilumba, milatho iwiri inkapita kumpoto, iwiri kummwera, umodzi kuvuma. Kuchokera kuvuma, mlatho umodzi unkapita kumpoto, wina kummwera. Panalibe mlatho wochoka kumpoto n'kukafika kummwera mwachindunji.

Mbiri ya milathoyi inafala chifukwa cha Leonhard Euler, amene m'pepala lake la 1736 anaonetsa kuti munthu sangaoloke milatho yonse 7 kamodzikamodzi pa ulendo umodzi. Funso lathu pano ndi lina. Munthu akanyamuka kumpoto, naoloka milatho kangapo, angafike kummwera m'njira zingati? Akaoloka kawiri, zala zikwana kuwerengera. Nanga akaoloka ka 7? Yankho ndi 1,364, ndipo limapezeka popanda kutchula ulendo ngakhale umodzi. Chomwe chimafunika ndi tebulo laling'ono la manambala 16 ndi kuchulukitsa kwa ku pulayimale.

Choyamba tigwirizane za chimene tikuwerenga, chifukwa ambiri amasokonezekera pomwepa. Ulendo ndi mndandanda wa milatho imene munthu waoloka motsatizana. Kutalika kwake sitikuyeza ndi mamita kapena maola, koma ndi nthawi zimene waoloka. Woyendayo sitikumuletsa kanthu: akhoza kubwerera kumene wachokera, akhoza kuoloka mlatho womwewo kupita ndi kubwera mpaka atatopa. Ndipo maulendo awiri odutsa m'zigawo zofanana koma pa milatho yosiyana timawawerenga ngati awiri.

Tebulo lija timalijambula motere. Chigawo chilichonse chili ndi mzere wake wopingasa komanso mzere wake wotsika. M'kabokosi kamene mizere iwiri yakumana timalembamo chiwerengero cha milatho yolumikiza zigawo ziwirizo. Tilembe C kuimira chilumba, P kumpoto, M kummwera ndi V kuvuma.

```
A    C  P  M  V
C    0  2  2  1
P    2  0  0  1
M    2  0  0  1
V    1  1  1  0
```

Akatswiri a masamu amatcha tebulo lotere matirikisi, ndipo ili ndi la mtundu woonetsa malo oyandikana. Tilitcha A. Euler sanaligwiritse ntchito, pakuti nthawi yake kunalibe. Malamulo ochulukitsira matebulo otere anawalongosola bwino ndi Arthur Cayley wa ku England mu 1858, Euler atamwalira kalekale. Mapu onse a mzinda alowa m'manambala amenewa. Mzere wa chilumba ukaphatikizidwa ukupereka 5, yomwe ndi milatho yofika pachilumba, ndipo mizere itatu inayo ikupereka 3 uliwonse. Taonaninso kuti tebuloli ndi yankho kale la funso losavuta kwambiri: likutiuza maulendo a kuoloka kamodzi.

Tsopano tioloke kawiri, kuchoka kumpoto kupita kummwera. Munthu akaoloka koyamba, ayenera kuponda penapake asanaoloke kachiwiri, ndipo malo opondapo ndi anayi basi. Tiwayese limodzilimodzi. Akadzera pachilumba, ali ndi milatho iwiri yolowera ndi iwiri yotulukira; uliwonse wolowera ungatsatidwe ndi uliwonse wotulukira, choncho 2 × 2 = 4. Akadzera kuvuma, wolowera ndi umodzi, wotulukira umodzi, 1 × 1 = 1. Kudzera kumpoto komweko kapena kummwera sikutheka, chifukwa m'mabokosi amenewo muli 0. Tikaphatikiza, maulendo ndi 5.

Bwererani muone zimene manja athu achita. Tatenga mzere wopingasa wa P, womwe ndi 2, 0, 0, 1, ndi mzere wotsika wa M, womwenso ndi 2, 0, 0, 1. Tachulukitsa nambala yoyamba ndi yoyamba, yachiwiri ndi yachiwiri, mpaka kumapeto, kenako taphatikiza zonse: 4 + 0 + 0 + 1. Amene anaphunzira za matirikisi ku sekondale azindikira kuti ili ndi lamulo lomwe lija la mzere wopingasa ndi mzere wotsika, limene ambiri analoweza osadziwa chifukwa chake lili choncho. Kwa ine, palibe chitsanzo china chimene chimaonetsa tanthauzo la lamuloli momveka ngati ichi. Timachulukitsa chifukwa kuoloka kwachiwiri kumatsatira koyamba. Timaphatikiza chifukwa munthu amadzera pamalo amodzi apakati, kaya awa kaya awo, osati onse nthawi imodzi.

Tikachita chimodzimodzi m'mabokosi onse 16, tapeza A kuchulukitsa ndi A, yomwe imalembedwa A².

```
A²   C  P  M  V
C    9  1  1  4
P    1  5  5  2
M    1  5  5  2
V    4  2  2  3
```

Nambala 9 ili pakona ikufuna kuti tiimepo pang'ono. Ikunena kuti pali maulendo 9 ochoka pachilumba n'kubwerera pachilumba pomwepo utaoloka kawiri. Milatho yofika pachilumba ndi 5 yokha, nanga 9 yachokera kuti? Maulendo 5 ndi a kupita ndi kubwerera pa mlatho womwewo. Anayi otsalawo ndi a munthu amene wapita kumpoto pa mlatho wina n'kubwerera pa unzake, zomwe zimatheka m'njira ziwiri, ndiponso chimodzimodzi kummwera. M'mabuku ambiri mumalembedwa kuti manambala a pa mzere wodutsa pakona ndi pakona wa A² amafanana ndi chiwerengero cha milatho ya pamalopo. Zimenezo ndi zoona pokhapokha ngati palibe malo awiri olumikizidwa ndi milatho yoposa umodzi. Kuvuma, kumene milatho yake ndi umodziumodzi, lamuloli likugwira: nambala ndi 3. Pachilumba silikugwira.

Kuoloka katatu sikufuna nzeru yatsopano. Ulendo uliwonse wa kuoloka katatu ndi ulendo wa kuoloka kawiri umene wawonjezeredwa kuoloka kumodzi kumapeto. Maulendo a kawiri tili nawo kale mu A², ndipo kuoloka kumodzi kuli mu A. Ndiye tichulukitse matebulo awiriwa ndi lamulo lomwe lija.

```
A³   C   P   M   V
C    8  22  22  11
P   22   4   4  11
M   22   4   4  11
V   11  11  11   8
```

Mfundo yomweyi imabwerezedwa mpaka kalekale. Ngati tebulo lina likuwerenga bwino maulendo a kutalika kwakutikwakuti, kulichulukitsa ndi A kumapereka tebulo lowerenga bwino maulendo otalikirapo ndi kuoloka kumodzi. Popeza A yeniyeniyo ndi yolondola pa kuoloka kamodzi, matebulo onse otsatira ndi olondola. Umboni wake ndi womwewu, palibenso china chobisika: nambala ya m'kabokosi ka mzere i ndi mzere j mu Aᵏ ndi chiwerengero cha maulendo a kuoloka ka k kuchoka pa i kufika pa j.

Kuchoka kumpoto kupita kummwera, A³ ikupereka 4. Nambalayi ndi yocheperapo poyerekeza ndi 5 ya kuoloka kawiri, ndipo munthu akhoza kukayikira kuti mwina walakwitsa. Tiwerenge ndi manja. Ulendo wina ndi wochoka kumpoto, kupita pachilumba, kuvuma, kenako kummwera. Umatheka m'njira ziwiri chifukwa cha milatho iwiri yoyambirira. Wina ndi wochoka kumpoto, kupita kuvuma, pachilumba, kenako kummwera, m'njira ziwirinso. Onse pamodzi ndi 4, ndipo palibe wina. Chifukwa cha kuchepaku n'chakuti milatho yambiri ya mzindawu ndi yochoka pachilumba kupita kumitunda iwiri, ndipo woyenda pa milatho imeneyo yokha amafika kumtunda akaoloka kawiri, kanayi, ka 6, osati katatu. Kuti afike kummwera ataoloka katatu, ayenera kudutsa pa mlatho umodzi uja wa pakati pa chilumba ndi kuvuma. Mlatho umenewo ukanagwa, kabokosi ka P ndi M kakanakhala 0 mu A³, mu A⁵, mu A⁷ ndi m'mapawa onse osagawika ndi 2. Choncho 0 mu tebulo limodzi satanthauza kuti malo awiriwo ndi osafikirika. Amangotanthauza kuti sufikako pa kutalika kumeneko. Wofuna kudziwa ngati malo ndi ofikirika ayang'ane A, A² ndi A³ onse, ndipo pa malo anayi safunika kupitirira apo. Tebulo loyamba limene 0 wachokamo ndilo likuonetsa ulendo waufupi koposa. Kuchoka kumpoto kupita kummwera, ndi A².

Tiyeni tione nambala 22, ya maulendo ochoka kumpoto kupita pachilumba. Tikaiphwanya, ikuoneka chonchi. Maulendo 8 ndi a kumpoto, chilumba, kumpoto, chilumba. Enanso 8 ndi a kumpoto, chilumba, kummwera, chilumba. Awiri ndi a kumpoto, chilumba, kuvuma, chilumba. Awiri ndi a kumpoto, kuvuma, kumpoto, chilumba. Awiri otsiriza ndi a kumpoto, kuvuma, kummwera, chilumba. Mwa maulendo 22 amenewa, awiri otsirizawa okha ndi amene sabwereza malo. Ena onse 20 ndi a munthu wopita uku n'kubwerera.

Apa ndi pamene pagona mphamvu ya njirayi, ndiponso malire ake. Tebulo silikumbukira. Pochulukitsa A² ndi A timangofunsa kuti munthu ali pati tsopano ndipo angaoloke kupita kuti. Za kumene wadutsa kale sitifunsa. Kuiwala kumeneku ndi kumene kumachititsa kuti ntchito ikhale yopepuka, chifukwa maulendo mazanamazana ofika pamalo amodzi timawamanga mtolo umodzi n'kulembapo nambala imodzi. Koma tikangonena kuti munthu asabwereze malo kapena mlatho, mtolowo uyenera kumasulidwa, popeza ulendo uliwonse tsopano uli ndi zoletsa zakezake malinga ndi kumene wadutsa. Kuwerenga njira zosabwereza malo ndi ntchito yolemetsa kwambiri, moti mpaka lero palibe njira yachangu yodziwika yochitira zimenezi pa mapu aliwonse aakulu, ngakhale ndi makompyuta.

Milatho ya ku Königsberg ikuonetsa kusiyanaku mosabisa. Tikaphatikiza manambala onse a m'tebulo lililonse, timapeza maulendo onse a kutalika kumeneko, posayang'ana kumene ayambira ndi kumene athera. Pa kuoloka kamodzi ndi 14, chifukwa mlatho uliwonse umaolokedwa mbali ziwiri. Kenako 52, 186, 684, 2,462, 9,012, ndipo pa kuoloka ka 7 ndi 32,554. Mwa maulendo 32,554 amenewa, palibe ngakhale umodzi umene umaoloka milatho yonse 7 kamodzikamodzi. A⁷ singakuuzeni zimenezo. Euler anazipeza ndi mfundo ina: woyenda akalowa m'chigawo chapakati pa ulendo ayeneranso kutulukamo, choncho milatho ya chigawo chotere iyenera kukhala iwiriiwiri, ndipo zigawo ziwiri zokha, choyambira ndi chothera, ndi zimene zingakhale ndi mlatho wotsalira. Ku Königsberg zigawo zonse zinayi zinali ndi wotsalira: 5, 3, 3, 3.

Pali malo amodzi pamene kuiwala kwa tebulo sikuononga kanthu. Ulendo wa kuoloka katatu wobwerera pomwe unayambira sungakhale wopita ndi kubwerera, chifukwa kupita ndi kubwerera kumadya kuoloka kuwirikuwiri. Uyenera kukhala wozungulira malo atatu osiyana. Pa mzere wa pakona ndi pakona wa A³ pali 8, 4, 4 ndi 8, zomwe ndi 24. Mzungulo uliwonse wawerengedwa ka 6, popeza ungayambire pa malo atatu ndipo ungayendedwe mbali ziwiri. Tikagawa 24 ndi 6 tipeza 4. Pa mapu ndi momwemodi: chilumba, kumpoto ndi kuvuma zimapanga mizungulo iwiri, ndipo chilumba, kummwera ndi kuvuma zimapanga iwiri ina. Ofufuza za maubwenzi a anthu amagwiritsa ntchito mawerengedwe amenewa pofuna kudziwa magulu a anthu atatu odziwana onse.

Wofuna kuyesa yekha pa kompyuta safunika pulogalamu yapadera. Mu Excel, ngati manambala 16 aja ali m'mabokosi kuyambira B2 mpaka E5, A² imapezeka motere:

```
=MMULT(B2:E5,B2:E5)
```

Cholakwika chofala ndi kulemba `=B2:E5^2`. Kompyuta siidandaula, koma imangochulukitsa nambala iliyonse ndi iyo yomwe, 2 n'kukhala 4, 1 n'kukhala 1, 0 n'kukhala 0. Chimodzimodzi mu NumPy, `A**2` sichita zimene tikufuna. Chofunika ndi `A @ A`. Kuzindikira vutoli n'kosavuta: yang'anani mzere wa pakona ndi pakona. Ngati mukadali ma 0, yankho ndi lolakwika, chifukwa munthu aliyense wokhala ndi mlatho akhoza kuoloka n'kubwerera. Njira ina yodzicheka nayo ndi kupinda tebulo pa mzere womwewo. Pamene milatho yonse imaolokedwa mbali zonse ziwiri, nambala ya P ndi C iyenera kufanana ndi ya C ndi P mu tebulo lililonse. Zikasiyana, penapake pachulukitsidwa molakwika. Pa misewu yolowera mbali imodzi kufanana kumeneku kulibe, koma njira yowerengera imagwirabe ntchito, bola mugwirizane nokha kuti mzere wopingasa ndi kochokera, wotsika ndi kopita, ndipo musasinthe pakati pa ntchito.

Sikuti kufika pa A⁷ kumafuna kuchulukitsa ka 6. A² kuchulukitsa ndi A² kumapereka A⁴, ndipo A⁴ kuchulukitsa ndi A³ kumapereka A⁷, pakuti ulendo wa kuoloka ka 7 ungadulidwe pakati kukhala wa katatu ndi wa kanayi. Mzere wopingasa wa P mu A³ ndi 22, 4, 4, 11. Mzere wotsika wa M mu A⁴ ndi 27, 55, 55, 30. Tikachulukitsa n'kuphatikiza, 594 + 220 + 220 + 330, tipeza 1,364 ija. Pa maulendo aatali zedi phindu lake limakula: pochulukitsa tebulo ndi ilo lomwe mobwereza, A², A⁴, A⁸, timafika pa A¹⁰²⁴ titachulukitsa ka 10 kokha.

Mndandanda uja wa 14, 52, 186 ndi kupitirira uli ndi khalidwe limene limaoneka mukamagawa nambala iliyonse ndi ya m'mbuyo mwake. Kugawa 684 ndi 186 kumapereka pafupifupi 3.68. Kenako pamabwera 3.60, 3.66, 3.61. Mayankhowa akukwera ndi kutsika, koma akuyandikira nambala imodzi, pafupifupi 3.63. Nambalayi ndi ya mapu amenewa enieni. Mukawonjezera mlatho imakwera, mukachotsa imatsika. Ikutiuza kuti pa maulendo aatali, kuoloka kumodzi kowonjezera kumachulukitsa maulendo pafupifupi ka 3.63. N'zomveka kuti ili pakati pa 3 ndi 5, milatho ya chigawo chochepetsetsa ndi ya chochulukitsitsa.

Nambala imeneyi ili ndi ntchito yeniyeni. Mu 1953, Leo Katz wa ku America anafalitsa njira yoyezera kutchuka kwa munthu m'gulu. Maganizo ake anali akuti kuwerenga okusankha mwachindunji okha n'kosakwanira; tiwerengenso amene anasankha okusankhawo, ndi kupitirira, koma maulendo aatali azilemera pang'ono kusiyana ndi aafupi. Tiyese pa zigawo zathu. Kumpoto ndi kuvuma kuli milatho itatuitatu, ndiye poyang'ana A yokha zigawozi n'zofanana. Mu A², mzere wa kumpoto ukupereka 13 pamene wa kuvuma ukupereka 11, chifukwa milatho iwiri mwa itatu ya kumpoto imathera pachilumba, pamene pali potulukira pambiri. Titati kuoloka kulikonse kuzichepetsa kulemera kwa ulendo ka 10, ndiye kuti kumpoto kupeza 0.3 + 0.13 + 0.041 ndi tizidutswa tina tomka tichepa, zonse pamodzi pafupifupi 0.50. Kuvuma kupeza pafupifupi 0.47, chilumba 0.75.

Nambala yochepetsera siisankhidwa mwachisawawa. Munthu atati kuoloka kulikonse kuzidula kulemera ndi theka, mawerengedwe sangathe, chifukwa maulendo akuchuluka ka 3.63 pamene kulemera kukuchepa kawiri kokha. Chidutswa chilichonse chowonjezera chizikula kuposa chinzake pafupifupi ka 1.8, ndipo chiwonkhetso chizingokwera osaima. Kuti chiime, chochulukitsira chiyenera kukhala pansi pa 1 kugawa ndi 3.63, zomwe ndi pafupifupi 0.275. Kotala, yomwe ndi 0.25, ikulowa, ngakhale kuti pamafunika zidutswa zambiri chiwonkhetso chisanakhazikike. Gawo limodzi mwa magawo atatu, 0.333, ladumpha kale malire.